Ndapeza ntchito ku Mzuzu, kodi K1,200,000 indikwanira kusamuka?

"Zikomo akulu. Ndapeza ntchito ku Mzuzu, mbali ya ku Luwinga, ndipo ndikayamba pa 16 Juni. Kalata ikuti malipiro ndi K550,000 pamwezi. Panopa ndikukhala ku Area 25 ku Lilongwe pamodzi ndi mayi a kunyumba, omwe amagulitsa kaunjika pang'ono, ndi mwana wathu wa sitandade 2. Ndasunga K1,200,000. Ejenti wina wanditumizira zithunzi za nyumba ya K180,000 pamwezi, akuti eni ake akufuna ya miyezi itatu ndipo nditumiziretu. Wa lole akuti K550,000 kunyamula katundu yense. Kodi ndalamayi ikwana, poti tikafunikanso kudya? Ku Mzuzu sindinapondeko chibadwire."

Achimwene, choyamba ndikuti mwachita bwino, ntchito masiku ano siyobwera yokha. Mtima ukhale m'malo, ndalama mwasungayo ikhoza kukufikitsani kuno ndi kukudyetsani mpaka mutalandira. Koma sikwana mukayenda nayo m'njira imene ejenti ndi wa lole akukukokerani. Awiriwo akatenga zawo mutsala ndi K110,000 m'thumba, anthu atatu, mumzinda wachilendo, mwezi wa Juni kuno kukuzizira koopsa. Ndagwira ntchito ya malipiro a anthu kwa zaka zambiri kuno ku Mzuzu, ndipo anthu amene ndawaona akuvutika m'miyezi yoyamba sikuti anabwera opanda kanthu ayi. Ambiri anabwera ndi ndalama yooneka, koma anaithera pa nyumba ndi pa galimoto asanaphike ndi nsima yoyamba yomwe.

Ine bajeti yosamukira sindiyambira pa nyumba. Ndimayambira pa kalendala. Funso loyamba ndi lakuti, kuchokera tsiku lotsika basi kufikira tsiku limene malipiro adzalowe, pali masiku angati? Ambiri amangoti mwezi umodzi, koma kawirikawiri sizitero. M'maofesi ambiri mndandanda wa malipiro umatsekedwa pakati pa mwezi kuti akuluakulu asaine ndalama isanapite kubanki. Munthu woyamba pa 16 amapeza mndandanda wa mwezi umenewo utatsekedwa kale, kapena dzina lake lisanalowe chifukwa nambala ya akaunti ndi mapepala a penshoni sanakonzedwe. Zikatero masiku a Juni aja amadzawalipirira pamodzi ndi a Julayi, kumapeto kwa Julayi. Mukafika kuno pa 12 Juni kuti mupeze pokhala, ndiye kuti mpaka pa 31 Julayi pali masiku 49, milungu isanu ndi iwiri yathunthu. Bajeti yanu ikhale ya milungu imeneyo. Akakudabwitsani n'kukulipirani kumapeto kwa Juni, zili bwino, mwapeza mpumulo, koma musawerengere zimenezo.

Musanachite china chilichonse, imbirani a ku ofesi yoona za antchito kumene mukupitako, ndipo musachite manyazi, ife tinazolowera mafunso amenewa. Afunseni tsiku limene malipiro anu oyamba adzatuluke. Afunseni ngati amapereka ndalama yothandiza kusamuka, chifukwa ena amapereka galimoto, ena alawansi, ena amabweza ndalama ukabweretsa malisiti, koma samayamba okha kukuuzani. Afunseninso ngati munthu watsopano amaloledwa kutenga adivansi. Ndipo muwapemphe akuuzeni ndalama yeniyeni imene idzalowe m'akaunti. K550,000 ya m'kalatayo ndi yosadula. Pachoka msonkho, pachokanso 5 peresenti ya penshoni imene lamulo limati wantchito azisonkha, abwana n'kuikapo 10 peresenti yawo. Pano tiyerekeze kuti m'manja muzitsala K420,000. Nambala yeniyeni akupatsani iwowo, ndipo chimodzimodzi mitengo yonse imene nditchule apa ndi yoyerekezera kuti muone kawerengedwe kake. Zinthu zikukwera mwezi ndi mwezi, choncho paliponse pamene ndaika nambala, inu muikepo mtengo wa sabata imene mukunyamuka.

Tsopano malangizo anga aakulu, amene mwina sakomera mayi a kunyumba poyamba: bwerani nokha kaye. Mwana ali pakati pa teremu yachitatu, imene imatha cha mu Julayi, ndipo chaka chatsopano cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Kumuchotsa panopa ndi kumusokoneza pachabe. Mayi ali ndi makasitomala awo ku Area 25, kuno akafika adzayamba ndi kufufuza pokhala pamsika, ndipo kwa milungu ingapo sadzalowetsa kanthu. Mukawasiya komweko, geni yawo ipitiriza kugula ndiwo, ndipo inu kuno mukhala m'kachipinda kotchipa uku mukuphunzira mzindawu ndi miyendo yanu. Mudzawatenge patchuthi cha Ogasiti, malipiro awiri atalowa.

Tikagwirizana zimenezo, tiyambe kupatula ndalama imene simuyenera kuikhudza ngakhale nyumba itakongola bwanji. Yoyamba ndi ya chakudya. Munthu mmodzi wodziphikira, ndiika K4,500 patsiku, ndipo pa masiku 49 ikukwana pafupifupi K220,000. Ndalama imeneyi isamatuluke tsiku ndi tsiku yonse ayi. Sabata yoyamba mugule zokhalitsa: mpunga makilogalamu asanu, nyemba, mafuta ophikira malita awiri, shuga, mchere, masamba a tiyi, sopo, soya pisesi, ndi thireyi ya mazira. Ufa bwerani nawo wa kunyumba, makilogalamu 20 akukwanirani milungu yonseyo ngati mukudya nsima kamodzi kapena kawiri patsiku. Zotsala ndi za tomato, anyezi, masamba ndi usipa, zogula pang'onopang'ono. Pa zimenezi Mzuzu ndi wabwino. Nyanja ili pafupi, ku Nkhata Bay ndi mtunda wa makilomita osakwana 50, mpunga wa Kilombero umatsika kuchokera ku Karonga, nthochi ndi chinangwa sizisowa. Mukapita kumsika wa Zigwagwa m'mawa, amayi ochokera kumidzi akungotsitsa madengu, mupeza masamba otsika mtengo kusiyana ndi pabenchi la pafupi ndi nyumba madzulo.

Chimene chimaboola thumba la chakudya ndi nkhomaliro ya kuntchito. Munthu watsopano amafuna kudziwana ndi anzake, ndiye akati tiyeni kulesitilanti, amadzuka. Mbale imodzi ya kumeneko ndi ndalama ya tsiku lonse ya kunyumba. Pitani nawo kamodzi pasabata kuti asamakuoneni ngati odzipatula, masiku enawo nyamulani mpunga ndi nyemba m'kontena. Palibe amene adzakusekeni, theka la ofesi limachita zomwezo.

Yachiwiri ndi ya mayendedwe a kuntchito. Kuyambira pa 16 Juni mpaka kutha kwa Julayi pali masiku ogwira ntchito pafupifupi 35. Pa K3,000 kupita ndi kubwera, ikukwana K105,000. Apa mpamene malo a nyumba amalowerera. Luwinga ili kumpoto kwa tawuni, pamsewu wopita ku Ekwendeni ndi ku Karonga, kumene kuli yunivesite ya Mzuzu ndi chipatala chachikulu. Mukapeza chipinda ku Luwinga komweko, ku Area 1B kapena ku Lupaso, mwina muziyenda wapansi kapena kukwera njinga ya kabaza kamodzi, zimene kuno ena amazitcha Sakaramento. Koma mukakopeka ndi nyumba yotchipa tsidya lina la mzinda, monga ku Msongwe panjira ya ku Nkhata Bay, muzikwera kawiri popita ndi kawiri pobwera, ndipo K20,000 imene mwapulumutsa pa lendi izithera kwa a takisi isanathe sabata yachiwiri. Dziwaninso kuti pafupi ndi yunivesite zipinda zimalimbiranidwa ndi ana a sukulu, ndiye nthawi imene akutsegulira zimasowa ndipo eni nyumba amakweza.

Yachitatu ndi tizinthu timene anthu amaiwala: mayunitsi a magetsi, madzi, makala ndi eyataimu. Ndiika K70,000. Yachinayi ndi ya banja lotsala ku Lilongwe, lendi ndi zina, K200,000 kuwonjezera pa zimene mayi azipeza. Iperekeni m'manja mwawo musananyamuke, isabwere kuno, chifukwa ikabwera kuno sibwereranso. Yomaliza ndi K100,000 ya mwadzidzidzi: malungo, maliro kumudzi, foni kubedwa padepoti. Mukaphatikiza zisanuzi mupeza K695,000. Kupatula ya banja ija, yotsalayo ikhale kubanki kapena pa Mpamba kaya Airtel Money, pa nambala imene simugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ndiye ndalama yeniyeni imene muli nayo ya ulendo, nyumba ndi katundu ndi K505,000, osati K1,200,000.

Ulendo wokha sindikhalitsapo. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350 pamsewu wa M1, kudzera ku Kasungu, Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa. Kwerani basi yaikulu ya m'mawa kuti mufike kukadali kowala. Tikiti pamodzi ndi ndalama ya katundu, matiresi opinda ndi chingwe, thumba la ufa, chikwama cha zovala ndi katoni ya mapoto, ndiika K70,000. Mtengo wa katundu mugwirizane asanakweze, ndipo muonetsetse ndi maso anu kuti walowa pansi pa basi. Kenako masiku atatu ogona kuresitihausi uku mukufuna nyumba, K60,000. Ngati muli ndi m'bale, mnzanu wa kusukulu kapena wa mpingo wanu amene angakusungeni masiku atatuwo, ndalamayo yapulumuka, koma musapite chimanjamanja, paketi ya shuga ndi nkhuku zimatsegula khomo. Tatsala ndi K375,000.

Tsopano nkhani ya nyumba, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone, pa nyumba imene simunalowemo. Chaka china kuofesi kwathu kunabwera mnyamata wochokera ku Blantyre, waulemu wake, atavala jekete yopyapyala ya kwawo kotentha. Anafika Lamlungu madzulo ndi zikwama ziwiri, foni ili m'manja, akuonetsa wa kabaza chithunzi cha nyumba ya geti yobiriwira. Nyumbayo anaipezadi, geti yobiriwira yomweyo, koma anatsegula ndi mayi wina atabereka mwana, nati iwo akhalamo zaka zinayi ndipo sakusamuka. Nambala ya ejenti inali itazima. Lendi ya miyezi itatu inapita choncho, ndipo mnyamatayo anagona pamphasa kwa mlonda wathu milungu iwiri. Sindikunena kuti ejenti wanuyo ndi wakuba, alipo ambiri ogwira ntchito moona. Koma woona sakana mukamuuza kuti ndilipira ndikaona nyumba ndi mwini wake. Akayamba zoti pali anthu ena atatu akuifuna, tumizani lero lomwe, musiyeni apatse anthu atatuwo.

Ngakhale nyumbayo ikhale yeniyeni, K180,000 ndi yolemera pa malipiro anu. Ine ndimalangiza kuti lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yolowa m'manja, ndiye kwa inu malire ndi K140,000. Ya ejentiyo ikudya pafupifupi theka, ndipo mwezi uliwonse muzifika pa 20 mulibe ya sopo. Panopa funani chipinda chimodzi ndi pabalaza, kapena boyizikota kuseri kwa nyumba ya munthu, cha m'ma K80,000. Miyezi itatu ndi K240,000. Ejenti amafuna yake, ena yoonetsera nyumba, ena gawo la lendi ya mwezi umodzi, ndiye funsani musanakwere naye njinga, ndipo ndamuikira K40,000. Njira yosalipira ejenti iliponso: funsani alonda, oyeretsa ndi madalaivala a kuntchito kwanu. Anthu amenewa amadziwa nyumba imene ikutuluka munthu mawa kuposa ejenti aliyense.

Pali mawu awiri amene anthu amawasokoneza, ndipo kusokonezako kumadyetsa ndalama. Lendi yolipiriratu ndi ndalama ya miyezi imene mukhalemo, mukalipira itatu ndiye kuti mukhala miyezi itatu osalipiranso. Dipoziti ndi chikole, mwini nyumba amasunga kuti mukadzaswa galasi kapena kusiya bilu adzadulepo, ndipo mukatuluka bwinobwino amayenera kukubwezerani. Eni nyumba ena akati miyezi itatu amatanthauza iwiri ya lendi ndi umodzi wa chikole. Inu mukhala mukuwerenga kuti mufika pakati pa Seputembala, iwo n'kugogoda pakati pa Ogasiti. Funsani momveka, ndipo zilembedwe. Sipafunika loya, pepala la m'kope likwana: dzina lanu ndi lawo, ndalama mwapereka, miyezi yake kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, ngati pali chikole ndi chingati ndipo chidzabwezedwa liti, notisi ndi ya masiku angati, ndipo chikawonongeka chokha monga denga kudontha akonza ndani. Musaine nonse awiri pamaso pa mboni, aliyense atenge lake, lanu mulijambulenso pafoni. Mukalipira kudzera pafoni kapena kubanki ndi bwino koposa, chifukwa umboni umatsala. Ndipo musaope kunenerera. Muonetseni landilodi kalata yanu ya ntchito, mumupemphe miyezi iwiri m'malo mwa itatu. Ambiri amavomera munthu wa pantchito chifukwa amadziwa komupeza.

Musanapereke ndalamayo, yenderani nyumbayo ngati munthu wogula mbuzi. Kuno mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, nthawi zina mpaka mu Meyi, kenako Juni ndi Julayi kumabwera mvula yowaza ija ndi nkhungu. Vuto lalikulu la nyumba za kuno ndi chinyontho. Mukalowa, nunkhizani kaye. Yang'anani m'munsi mwa makoma, kuseri kwa chitseko ndi m'makona: mukaona penti yotupa, mzere wakuda kapena wobiriwira, dziwani kuti nsapato zanu ndi suti ya kuntchito zidzachita nguwi pasanathe mwezi, ndipo mwana akadzabwera chifuwa sichidzamutha. Kwezani maso kudenga, madontho a bulauni pa siling'i ndi chizindikiro chakuti malata amadontha. Madera a kudambo, monga mbali zina za Chibavi ndi Salisbury Line, madzi amakhala pafupi ndipo mvula ikalimba amalowa m'nyumba. Ku Masasa ndi kotsetsereka, onani ngati kuseri kwa nyumba kuli chigumula chodulidwa chimene chingagumukire khoma. Inu mukufika nyengo yopanda mvula yamphamvu, ndiye zonse zidzaoneka bwino. Funsani mayi wa nyumba yoyandikana kuti mu Malichi pano pamakhala bwanji, akuuzani zoona.

Kenako mamita. Magetsi a ESCOM ambiri ndi ogula mayunitsi, madzi ndi a Northern Region Water Board, ndipo nyumba zina zili ndi mita yolipiriratu pomwe zina zimalandira bilu. Ngati ndi ya bilu, pemphani muone yomaliza ndi lisiti lake, ndipo mulembe nambala imene mita ikuonetsa tsiku lolowa. Ngati ndi yolipiriratu, gulani mayunitsi ochepa pomwepo muone ngati abwera okwanira. Akabwera operewera, ndiye kuti mitayo ili ndi ngongole ya munthu amene anatuluka, ndipo akudula pang'onopang'ono kwa inu. Zimenezo zikambidwe ndi landilodi musanalowe. Pamene mita ndi imodzi ya mabanja angapo, funsani kuti amagawana bwanji, chifukwa inu wopanda firiji ndi wosakhalapo masana simuyenera kusonkha mofanana ndi banja lophikira nyemba pa hotipuleti. Jambulani galasi losweka, loko wophotchoka ndi sinki yong'aluka tsiku lomwelo, zithunzizo ndi zimene zidzakubwezereni chikole chanu.

Mukachotsa nyumba ndi ejenti, mwatsala ndi K95,000 ya katundu wa m'nyumba. Ikuoneka yochepa, koma kwa munthu mmodzi wobwera ndi matiresi, mapoto awiri, mbale ndi mbaula kuchokera kunyumba, ikwana. Choyamba kugula ndi loko watsopano, chifukwa simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati. Kenako ndowa ziwiri, imodzi yosungira madzi, beseni, mababu, tsache, ndi nsalu zotchinga mawindo, ngakhale zitenje za mayi zigwira ntchito. Mpando umodzi wa pulasitiki ndi katebulo. Matiresi musawaike pasimenti penipeni, kuzizira kwa pansi kumalowa m'mafupa ndipo kunsi kwake kumanyowa. Yalani mphasa ndi makatoni, kapena gulani mapaleti awiri, ndipo Loweruka lililonse muziwaimika padzuwa. Chinthu chimodzi chimene sindikufuna muumire ndi zofunda. Bwerani ndi mabulangete awiri olemera, juzi ndi jekete yeniyeni, mayi akusankhireni pa belo lawo lomwelo. Ndipo chonde, ngakhale kuzizire bwanji, musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Utsi wake suoneka, sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.

Bedi, sofa ndi TV zidikire. M'masitolo mudzakuuzani kuti tengani lero muzilipira pamwezi, ndipo anyamata a ngongole adzafika mpaka pakhomo la ofesi atamva kuti kwabwera watsopano. Musasaine kanthu musanaone peyisilipi yanu yoyamba ndiponso musanatsirize miyezi yoyeserera ntchito. Ndaona mapeyisilipi a anthu amene theka lake limapita ku ngongole ya mipando imene anagula mwezi woyamba kuti alendo asawaseke. Katapila ndiye musayandikire n'komwe. Zikathina, pemphani adivansi kuntchito, ilibe chiwongoladzanja.

Tifike pa kusamutsa banja. Kumapeto kwa Julayi mukalandira za mwezi ndi theka, mwina cha m'ma K600,000, ndalamayo idzaoneka yambiri, ndipo apa mpamene ambiri amapumira n'kuyamba kugula. Inu muchotsepo K350,000 tsiku lomwelo. Kumapeto kwa Ogasiti muchotsenso K200,000, muphatikize ndi ya mwadzidzidzi ija ngati simunaigwiritse ntchito, ndipo muli ndi K650,000. Nyumba ya banja ya K130,000 miyezi itatu ndi K390,000, yotsalayo ndi ya galimoto. Pofika nthawi imeneyo mudzakhala mutayenda ku Chibanja, ku Katawa, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, mukudziwa kumene madzi amavuta, kumene sukulu ili pafupi, ndi kumene mayi angayale kaunjika wawo. Kumbukirani kupereka notisi mbali zonse ziwiri, kwa landilodi wa ku Area 25 ndi wa kachipinda ka kuno, mwezi usanathe, kuti musalipire nyumba zitatu nthawi imodzi.

Lole ya K550,000 ija ndi yodula chifukwa mukulipira ulendo wopita ndi wobwerera, galimoto yonse ili yanu. Funsani za malole amene akubwera kumpoto opanda katundu kudzatenga matabwa kapena mpunga, kapena amene ali ndi malo otsala. Amenewo amavomera ndalama yocheperapo chifukwa ulendowo anali nawo kale. Kuipa kwake n'kwakuti tsiku amasankha ndi iwo, ndiye katundu akhale womangamanga. Musanafunse mtengo, khalani pansi ndi mayi musankhe zonyamula. Chinthu chilichonse mudzifunse kuti kuchinyamula ndi kuchigula kuno chotchipa n'chiti. Firiji, matiresi, ziwiya ndi makina osokera ngati alipo, nyamulani. Sofa yakale yolemera ndi kabati ya matabwa opanikiza imene imasweka ikangonyowa, gulitsani komweko. Kuno matabwa a paini ndi apafupi ndipo akalipentala ndi ambiri, bedi ndi tebulo adzakupangirani. Mungoonetsetsa kuti thabwa ndi louma, chifukwa laliwisi limapindika ndi kung'aluka pakapita miyezi iwiri, ndipo kalipentala mumupatse theka lokha, linalo akamaliza.

Tsiku la ulendo lembani mndandanda wa katundu yense, pepala lina likhale ndi inu lina ndi dalaivala, limathandiza pa marodibuloko ndiponso potsitsa. Jambulani nambala ya galimoto ndi laisensi ya dalaivala. Lipirani theka ponyamuka, theka pofika, ndipo munthu wanu mmodzi akwere nawo. Lona ikhalepo ngakhale kuli dzuwa, ku Chikangawa nyengo imasintha mosachenjeza. Makala musakweze, a zankhalango amalanda pamsewu ndipo mukhoza kuchedwetsa galimoto yonse chifukwa cha thumba limodzi. Firiji iyende choimirira, ndipo ikafika muisiye maola angapo musanaiyatse.

Zina zikavuta musalimbane nazo nokha. Ngati munthu wakudyerani ndalama pa nyumba yabodza, pitani kupolisi tsiku lomwelo ndi mauthenga onse a pafoni, ndipo mudziwitsenso kampani ya foni imene munatumizira. Landilodi akakana kubweza chikole kapena akafuna kukutulutsani miyezi yanu isanathe, yambani ndi mfumu ya m'deralo, nkhani zambiri zimathera pamenepo mukakhala ndi pepala lija. Zikakanika, kukhoti la majisitireti amamva milandu ing'onoing'ono ya ndalama, ndipo a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi kuno. Malipiro akadutsa tsiku limene anakulonjezani popanda chifukwa chomveka, lembani kalata kwa a zaantchito kuofesi kwanu, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi a ofesi ya leba.

Chotsala n'chakuti ngati a kuntchito akuuzani kuti malipiro oyamba angachedwe kuposa Julayi, monga zimachitikira m'malo ena, musabwere ndi bajeti yomweyi. Onjezani pafupifupi K200,000 pa mwezi uliwonse wodikira, ya chakudya ndi mayendedwe, ndipo ina muichotse ku nyumba: funani chipinda cha K50,000 kapena gawanani nyumba ndi mnzanu wa kuntchito, banja lidzabwere patchuthi cha Disembala. Mukafika mudzamva anthu akuyankhula Chitumbuka pamsika ndi m'matakisi, koma Chichewa amamva pafupifupi aliyense. Phunzirani msanga kupereka moni wakuti "Monire" ndi kuthokoza kuti "Yewo", mudzawafuna tsiku loyamba lomwelo pofunsa mayi woyandikana naye uja za madzi a mu Malichi.